Makadi Seveni a Pathology

Zotsatira zinatuluka Lachitatu, Frazer ali pamwamba pa chulu kuseri kwa chipatala, poti kumeneko netiweki imagwira pachulu pokha. Pathology, 47. Kukhoza kumayambira pa 50. Pansi pake panali uthenga woti sapu ili Lolemba, 8 koloko m'mawa, kukoleji m'tauni. Sapu ndi mayeso obwereza, mwayi womaliza. Ndipo kwa munthu ngati Frazer, amene anabwereza kale chaka choyamba, kulakwa sapu ndiye kuti akuwida, ulongedze katundu uzipita kwanu.

Kwawo kunali ku Kabudula, kumene bambo ake, mkulu wa mpingo, anali atauza kale aliyense mpaka ogulitsa tomato kuti mwana wawo ndi adokotala. Akapita ku holide, azimayi amabwera ndi ana pakhomo kuti awaone zidzolo. Ndiye taganizani munthu yemweyo akutsika minibasi ndi chikwama, osavala gauni, n'kuyamba kusoka fodya m'chigafa.

Anali atatu, ana asukulu ya u clinical officer, atawatumiza ku attachment pa kachipatala kena kupitirira Nambuma. Iyeyo, Duncan ndi Selina. Anyamata awiriwa amagona m'kanyumba kakale ka alonda, Selina amagona kwa anesi. Chiyambire semesita atatuwa anali ndi kachitidwe kawo kowerengera. Selina amajambula mawu a lekichala pa foni, n'kuwalowetsa mu app ina imene imasandutsa mawu kukhala zolembedwa, transcript. Duncan, wa zolemba zokongola ngati za pa satifiketi, amatenga transcript ija n'kuidula kukhala makadi. Amachotsa nthabwala za lekichala, ma "mwamva eti" ndi zina zonse zopanda ntchito, n'kusiya mfundo zokha. Khadi limodzi, funso limodzi kutsogolo, yankho limodzi lalifupi kumbuyo. Makadiwo amawadula pa makatoni a mankhwala, n'kuwamanga ndi labala mutu ndi mutu. Ntchito ya Frazer inali yomaliza: kumvetsera audio yonse ali ndi makadi m'manja, kuti aone ngati chilichonse chikugwirizana.

Duncan anapeza 53. Selina 71.

Masiku awiri Frazer anawagwira makadi aja ngati mankhwala. M'thumba la gauni, ku OPD pakati pa odwala, ngakhale kuchimbudzi. Zomwe wakhoza mulu wake, zomwe walakwa mulu wake, kenako kubwereza wolakwawo. Chomwe chimamuzunguza mutu n'choti mutu wa cell injury ndi inflammation, umene unadzaza pepala la mayeso, amauyankha osaphonya ngakhale khadi limodzi. Ndiye 47 inachokera kuti?

Lachisanu cha m'ma 10 anapempha Selina kuti amufunse mafunso. Anakhala pa benchi kuseri kwa pharmacy, uku kutsogolo azimayi a sikelo ali mbwee ndi ana kumsana. Selina anatenga khadi lapamwamba. Funso linali loti magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo n'kufa, pamachitika necrosis ya mtundu wanji. Frazer anayankha asanamalize n'komwe kuwerenga. Coagulative. Selina anaseka, anati asiye zocheza. Atatembenuza khadi, kuseka kuja kunatha. Kumbuyo kunalembedwa coagulative yemweyo, m'zilembo zoongoka za Duncan.

Selina anatulutsa kope lake, mmene amakoperamo za pa bolodi, n'kumuonetsa. Ubongo ndi liquefactive, minofu yakufayo imasungunuka kukhala ngati phala. Coagulative ndi ya mtima, impso, kapamba wa magazi uja amati spleen. Selina ananena kuti iye makadi a mutu umenewu sanawagwireko, amawerenga kope. Anayamba kutembenuza ena msangamsanga, lilime lili kunja pang'ono. Maselo oyamba kufika pa acute inflammation, khadi likuti lymphocytes, kope likuti neutrophils. Madzi okhala ndi protein wambiri, khadi likuti transudate, kope likuti exudate. Apoptosis imabweretsa inflammation? Khadi likuti inde. Kope likuti ayi, atadula mzere kawiri.

Pa makadi 64 a mutuwo, seveni anali abodza. Frazer anawayala pa bondo. Anayi mwa iwo amawakumbukira bwinobwino pa pepala la mayeso, ndipo anawayankha akumwetulira.

Selina anati adekhe, pali masiku awiri, akonza. Koma Frazer anali atasiya kale kumva. M'mutu mwake munali 53 ya Duncan basi. Munthu walemba makadi abodza, iyeyo wakhoza, amene anawaloweza wagwa. Anakumbukira tsiku lija anamuseka Duncan pamaso pa kalasi yonse chifukwa cha nsapato zake zosokasoka, n'kumutcha m'busa wa mbuzi, Duncan kungomuyang'ana. Anthu ofatsa aja, eti. Kwinakwake pansi pa mtima panali kanthu kena kamene kamamukanda, ka ntchito yake yomvetsera audio, koma anakapondereza. Anatenga makadi seveni aja n'kunyamuka.

Duncan anali pakhonde pa kanyumba kawo, atagwada, akuchapa gauni m'beseni. Foni yake inali pa njerwa pambali, ikuimba nyimbo za kwaya. Atamuona Frazer, Duncan anamufunsa ngati sopo wake watha, atengeko wake.

"Ubongo ndi necrosis yanji, aise?"

Duncan anapukuta thovu pa mkono, anati coagulative, si choncho?

Frazer anamumenya ndi makadi kumaso, onse seveni pamodzi, mbama yeniyeni. Makadi anamwazika, ena m'beseni. Duncan anagwa chokhala, akufunsa kuti kodi chavuta n'chiyani, ndipo funsolo linangowonjezera moto. Frazer anamugwira pa vesti n'kumudzutsa, chibakera choyamba chinatera pa tsaya, chachiwiri pamphuno. Panamveka kaphokoso ngati kuswa mtedza. Magazi anatsika pa vesti, ena kudonthera m'madzi a sopo mpaka gauni loyera lija linayamba kufiira.

Duncan sanali munthu wa ndewu. Anangotchinga nkhope ndi mikono, akunena mawu amodzimodzi, kuti iye analemba zomwe zinali mu transcript, tsiku limenelo kunalibe, anali kumaliro kwa azakhali ake ku Nsaru, Frazer akudziwa zimenezo. Amakwawira ku njerwa ija, dzanja litatambasuka, akuti dikira ndikuonetse, ili mufoni, dikira.

Frazer anafika pa foniyo poyamba. Anaitola, kwaya ikuimbabe, n'kuimenyetsa pa khoma. Inagwa pansi galasi litachita ngati ukonde wa kangaude, koma ikuimbabe. Anaiponda ndi chidendene mpaka inakhala chete.

Apa ndi pomwe Duncan anakwiya. Anamudumphira m'miyendo, onse awiri anagubuduka kuchoka pakhonde mpaka pa mtedza umene mkazi wa mlonda anayanika pa lona. Duncan anamuluma pa phewa, kuluma kwenikweni, mano kulowa. Frazer anakuwa, anamugunda ndi chigongono pakhosi, n'kudzuka. Pafupi ndi chitseko panali mpini wa khasu wopanda khasu, umene amatsekera chitseko. Sakumbukira kuti anautola liti. Akukumbukira kulemera kwake kokha, ndi mmene unalirira pa nthiti za Duncan, kawiri, ngati ukumenya thumba la chimanga.

Selina anafika akuthamanga n'kumugwira mkono. Frazer anamukankha osayang'ana, mtsikana anakagwera pa beseni, madzi ofiira aja kumukhuthukira pa yunifomu. Kumpanda kunali kutadzaza azimayi a sikelo, ena akukuwa, ena atatseka ana maso ndi chitenje. Wina anati koma ndiye madokotala ake amenewa.

Duncan anali chafufumimba, akupuma mokoka. Dzanja lake lamanja linali pansi, litatambasuka pafupi ndi khadi limodzi lonyowa. Dzanja la zilembo zokongola lija. Frazer analiyang'ana kanthawi, ndipo ichi sangachikane, anachita kuliyang'ana n'kusankha. Anakweza mpini n'kuutsitsa pamenepo ndi mphamvu zake zonse.

Kulira kwa Duncan kunali kwina, kopyapyala, ngati si kwa munthu wamkulu.

Amene anamugwetsa Frazer anali mlonda ndi bambo wina wa kabaza amene anabweretsa wodwala. Anamupinda mikono kumbuyo, nkhope m'dothi, wa kabaza uja n'kumukhalira pamsana, osaiwala kumupatsa makofi awiri a m'khutu. Anamumanga manja ndi lamba wa njinga n'kumukokera kuchipinda chomangira mabala, poti a in-charge, oyang'anira chipatalacho, bambo wachikulire wotchedwa a Kamwendo, anati onse awiri alowe, azikambira momwemo.

Anamukhazika Frazer pansi pakona. Duncan anali pa bedi, anesi akumupukuta mphuno. A Kamwendo anagwira dzanja lija mosamala, kulitembenuza, kukanikiza pang'ono. Linali litatupa kale ngati mandasi, lofiira, lotentha, zala ziwiri zitaloza kolakwika. Frazer anadzipeza akuwerenga mumtima osafuna: kufiira, kutupa, kutentha, kupweteka, kulephera kugwira ntchito. Zizindikiro zisanu za inflammation. Khadi limenelo linali lolondola.

A Kamwendo anafunsa chomwe chachitika. Frazer anayankhula mokweza, malovu akuuluka, kuti munthu uyu wamuphera tsogolo dala, wamupatsa mayankho abodza kuti awididwe, iye n'kukhoza. Duncan, mawu akutuluka m'mphuno yotsekeka, anati naye mafunso anayi aja anawalakwa, anakokera ndi mbali ya neoplasia basi. Frazer anati bodza.

Selina sanalowe mkanganowo. Anali ataimirira pakhomo, yunifomu ikudontha, akusakasaka mufoni mwake. Transcript inali momwemo, audio inalinso momwemo, poti wojambula anali iyeyo. Anapeza malowo n'kuwerenga mokweza zolembedwazo, mzere umodzi wopanda dzina la woyankhula, wopanda ndime. Infarct in the brain what type of necrosis coagulative necrosis okay next. Anati App ija simasiyanitsa kuti uyu ndi lekichala, uyu ndi mwana wasukulu. Imangolemba mawu onse mondondoza ngati wayankhula munthu mmodzi. Kenako anatsegula audio, kukokera pa mphindi 23, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto.

Munamveka mawu a lekichala wawo, a Chimphamba, aulesi aja ngati angodzuka kumene, akufunsa funso la ubongo. Kenako mawu ena ochokera kumbuyo kwa kalasi, okweza, odzidalira, akukuwa kuti coagulative necrosis. Kenako go, go. Dasitala kugunda pa tebulo kawiri. Kenako tswii, tswii, cholembera pa bolodi, kwa kanthawi ndithu. Kenako a Chimphamba, okay next.

M'chipindamo aliyense wa kalasi ija amadziwa tanthauzo la go go. A Chimphamba sanena kuti walakwa. Amati alibe malovu otayira mayankho opusa. Amagunda dasitala kawiri, n'kulemba yankho lolondola pa bolodi, osaliwerenga, n'kupitirira. Amene ali maso amakopera. Foni imamva kugundako koma app silemba kugunda, ndipo bolodi siliona.

Koma chimene chinawadabwitsa si chimenecho. Anesi anasiya kupukuta. A Kamwendo anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pakona.

"Bwezanso pamenepo, mwana wanga," anatero.

Selina anabweza. Coagulative necrosis. Mawu a Frazer enieni, ndi kaseko kake komwe kumapeto.

Frazer anakumbukira tsopano. Mpando wakumbuyo pafupi ndi soketi. Iye amakonda kuponya yankho msanga kuti a Chimphamba adziwe kuti alipo, akatero maso n'kubwerera pa foni pansi pa desiki kuona za mpira. Go go amamumva ngati mmene umamvera galimoto ikudutsa kumsewu. Ndipo makadi atabwera, zonse zinali zogwirizana ndi zomwe amadziwa kale, nanga zikanalephera bwanji, poti anali mayankho ake omwe.

Selina sanamusiye. Anakokera pa mphindi 31. Lymphocytes, mawu a Frazer, go go. Mphindi 40, transudate, Frazer, go go. Pa seveni paja, awiri anali a mtsikana wina wa kutsogolo. Asanu anali a Frazer.

Duncan anadzutsa mutu pa pilo. Anati iye akuvomera, analakwa kudula makadi a kalasi imene sanakhalemo osatsegula buku, anathamangira kuti amalize. Koma n'chifukwa chake anawapereka kwa munthu amene analimo.

"Ndinakupatsa Lamlungu, Frazer. Ndinati tsiku limeneli kunalibe, umvetsere bwinobwino. Unabweza patatha ola limodzi. Audio ndi ya maola awiri."

Frazer anakumbukiranso zomwe ananena tsiku limenelo, akuponya mtolowo pa bedi la Duncan. Zili bho, man.

A Kamwendo anamanga dzanja lija pa kathabwa, kumupatsa Duncan jakisoni wa ululu, n'kunena kuti ayenera kupita m'tauni lero lomwe kukajambulitsa, chifukwa mafupa a pa chikhatho athyoka osachepera awiri, ndipo nthiti sakuzikhulupirira. Anatenga kabuku ka kuchipatala ka Duncan n'kukhala pa tebulo. Anafotokoza, mosakweza mawu, kuti iwo saona zomwe zachitika kuseri, amalemba zomwe wodwala wanena. Akalemba kuti wamenyedwa, pafunika kalata ya kupolisi, ndipo kukoleji ayenera kuimbako foni. Anatsegula cholembera n'kudikira.

Frazer anayenda ndi mawondo, manja ali kumbuyo, mpaka pa mwendo wa bedi. Anayamba ndi aise, kenako anasintha, anati achimwene. Anati angonena kuti wagwa pa njinga, msewu wa ku Kasiya uja aliyense amaudziwa. Anati Lolemba lokha, alembe sapu yokha, zikatha amuchite chilichonse, amumange, amuthyole dzanja nayenso. Anatchula bambo ake. Mamina ndi dothi zinali zitasakanikirana pa mlomo, ndipo analibe dzanja lopukutira.

Duncan anamuyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsekeka. Kenako anayang'ana kathabwa kaja. Mwezi wamawa kunali mayeso a practical, kusoka bala, kuika drip, zonse za dzanja lamanja.

"Ukanandimenya nkhope yokha, mwina," anatero. "Koma unaima. Ndinakuona. Unaliyang'ana kaye." Anatembenukira kwa a Kamwendo. "Lembani zomwe zachitika, bambo."

Cholembera chinayenda. Frazer anamva kukanda kwake pa pepala, tswii, tswii.

Apolisi a pa trading anabwera dzuwa likupendeka, pa njinga yamoto. Pomutulutsa, azimayi a sikelo anali asanachoke, ngakhale sikelo inatha kale. Mkazi wa mlonda amatola mtedza wake umodziumodzi, wamagazi akuponya kumbali. Selina anali atagwada pakhonde paja akutola makadi onyowa, kuwayanika pa njerwa. Sanadzutse mutu.

Kupolisi anamuvula lamba ndi nsapato. Frazer anapempha belo, anafotokoza za sapu katatu konse, kwa wapolisi aliyense amene wadutsa. Anamuuza kuti munthu wathyoledwa mafupa, za belo zidikire lipoti la adokotala a m'tauni, ndipo mawa ndi Loweruka. Loweruka Selina anabwera ndi mabanzi ndi botolo la madzi. Anamuuza kudzera pa mawaya kuti Duncan amugoneka, dzanja alichita opareshoni, aika tizitsulo. Anati makadi onse 64 wawadutsa ndi audio ndi kope, seveni aja walembanso, wawatumiza pa gulu la kalasi kuti ena a sapu asagwe nawo. Frazer anafunsa ngati angamusiyire. Selina anati anawasiya kunyumba, sanaone chifukwa chowanyamulira.

Lolemba m'mawa anamutulutsa kuti akapereke sitetimenti. Anamukhazika pa benchi, wopanda nsapato, phewa lolumidwa lija likutentha, litayamba mafinya. Pakhoma pamwamba pa kauntala panali wotchi ya batire. Inali 7:52.

Wapolisi amasaka cholembera m'madirowa. Frazer anangoyang'ana muvi uja ukuyenda. M'holo ya mayeso kukoleji pano akuwauza kuti asiye mafoni kutsogolo, akugawa mapepala chozondotsa. Ubongo, liquefactive. Oyamba kufika, neutrophils. Protein wambiri, exudate. Apoptosis, palibe inflammation. Anadutsa onse seveni osaphonya, kenako anayambiranso.

Muvi utafika pa 8, wapolisi anapeza cholembera, anachiyesa pa chikhatho, n'kumufunsa dzina, zaka, ndi ntchito imene amagwira. Dzina ndi zaka anayankha msanga. Pa ntchito anabwezera maso pa wotchi ija mpaka wapolisi anagogoda pa kauntala.